Mphindi zisanu pamaso pa a Fomu 4

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOWULUTSA: Ino ndi pulogalamu yathu ya luso loyankhula pagulu. Lero tili ndi mayi amene aphunzitsa Chichewa kusekondale zaka zambiri, ndipo akhala akusula ana ochita mipikisano ya mtsutso.



Nkhani yathu ndi iyi: munthu waitanidwa kuti akalimbikitse achinyamata. Pali njira zitatu zimene oyankhula amagwiritsa ntchito kawirikawiri, kutchula zinthu zitatu, kusiyanitsa zinthu ziwiri, ndi kubwerera ku mawu amene unanena kale. Tiyambire pati?

MPHUNZITSI: Tiyambire pa munthu, chifukwa njira zimenezi sizimveka bwino popanda mawu enieni. Tiyerekeze mnyamata wowotcherera zitsulo, ali ndi kashopu kake pa tauni. Mayeso a MSCE analephera koyamba, anabwereza, n'kukhoza. Ahedi a pasukulu yake yakale amuitana kuti adzayankhule kwa a Fomu 4 kutatsala milungu yochepa kuti alembe, ndipo amupatsa mphindi zisanu. Wakhala pansi usiku, walemba. Ndikuwerengereni zimene ambiri amalemba akakhala pamalo ake.

WOWULUTSA: Tiwerengereni.

MPHUNZITSI: "Ang'ono anga, maphunziro ndi ofunika kwambiri. Muzilimbikira, muzimvera aphunzitsi, muzipewa makhalidwe oipa, muzisunga nthawi, muzilemekeza makolo, muzipemphera, ndipo mudzapambana." Tsopano achimwene, osayang'ana papepala langa, chachinayi chinali chiyani?

WOWULUTSA: (AKUSEKA) Kupemphera? Ayi... kaya.

MPHUNZITSI: Chinali kusunga nthawi. Ndipo inu mumamvetsera ndi mtima wonse, muli pafupi nane. Nanga mwana amene wakhala kumbuyo kwa holo, kukutentha, nsima ya masana ikumudikira? Wowerenga buku akasochera amabwerera m'mbuyo n'kuwerenganso. Womvera alibe mwayi umenewo, mawu akadutsa adutsa. Choncho woyankhula ayenera kumuthandiza kudziwa pamene ali komanso pamene ganizo lithere. Mukatchula chinthu chimodzi, womvera sadziwa ngati kukubwera china. Mukatchula chachiwiri chofanana nacho, khutu limazindikira kuti pali mndandanda. Chachitatu chikafika, limamva kuti zakwana. Mukapitirira mpaka chachisanu ndi chachisanu n'chimodzi, munthu amasiya kumva zimene mukunena, amangodikira kuti muleke liti.

WOWULUTSA: Kodi zimenezi ndi zimene mwangoona inu m'kalasi, kapena alipo anazifufuza?

MPHUNZITSI: Alipo. Ku Britain kunali katswiri wina, Max Atkinson, amene ankamvetsera matepi a misonkhano ya ndale kuti apeze chimene chimachititsa anthu kuomba m'manja nthawi imodzi popanda wowauza. M'buku lake la mu 1984 anasonyeza kuti nthawi zambiri m'manja mumalira pambuyo pa zinthu zitatu zotchulidwa motsatizana, kapena pambuyo pa mawu osiyanitsa zinthu ziwiri. Chifukwa chake n'chakuti anthu amakhala ataona kale pamene chiganizo chikathere, ndiye amakonzekera limodzi. Chaka chomwecho anaphunzitsa mayi wina, Ann Brennan, amene anali asanayankhulepo pa msonkhano waukulu, ndipo atayankhula pa msonkhano wa chipani china anthu anaimirira n'kumuombera m'manja. Koma sitiyenera kupita kutali. Akuluakulu amene akutimvera akukumbukira zimene Kamuzu Banda ankabwereza, kuti anthu ake ayenera kukhala ndi chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha. Kaya munthu amaona bwanji ulamuliro wa nthawi imeneyo, mawuwo anakhazikika. Ndipo kumbukirani kuti mwiniwake ankayankhula Chingerezi, womasulira n'kumatembenuzira m'Chichewa, koma zitatuzo zinkafika kwa anthu zili zonse.

WOWULUTSA: Pamenepo ndikutsutseni pang'ono mayi. A Kamuzu omwewo anali ndi ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Zinayi, ndipo anthu amazikumbukira mpaka lero.

MPHUNZITSI: Amazikumbukira ndithu, koma taganizani kuti anazimva kangati. Kusukulu, pamisonkhano, pawailesi, chaka ndi chaka. Chinthu chobwerezedwa chotero chimalowa, zikhale zinayi kapena khumi. Mnyamata wathuyu ayankhula kamodzi, mphindi zisanu, n'kubwerera ku zitsulo zake. Iye zitatu zimukwanira. Ndipo pali phunziro lina mu zitatu zoyamba zija. Taonani chomaliza: sananene kuti malo ogona abwino, anati nyumba yosadontha. Aliyense amene anadzukapo usiku kukoka mphasa pothawa madontho akuiona nyumba imeneyo. Chachitatu chizikhala chimene munthu angachione ndi maso, ndipo ndicho chizilemera kuposa zinzake.

WOWULUTSA: Ndiye mnyamata uja achite bwanji ndi zisanu n'chimodzi zake zija?

MPHUNZITSI: Ndingamufunse funso limodzi: chaka chobwerezacho unachita chiyani chimene sunachite chaka choyamba? Osati zimene ana ayenera kuchita, koma zimene iwe unachita. Tinene kuti wayankha kuti anasiya kukhala kumbuyo, anayamba kufunsa mafunso, ndipo usiku uliwonse ankayankha pepala la mayeso akale. Basi, zitatu zapezeka. Tsopano tizikonze kuti zimveke ngati za banja limodzi. Zonse ziyambe mofanana: "Ndinasamukira kutsogolo. Ndinayamba kufunsa. Ndinalumbira kuti sindigona ndisanamalize pepala limodzi la mayeso akale a masamu." Mwamva ndina-, ndina-, ndina-. Kufanana kumeneko ndiko kumauza khutu kuti izi n'zoyendera limodzi. Akanati "ndinasamukira kutsogolo, mafunso ndi ofunika, komanso mapepala akale amathandiza", mfundo zake n'zomwezo koma mndandanda wasweka.

WOWULUTSA: Ndaonanso kuti chomaliza n'chachitali.

MPHUNZITSI: Dala. Ziwiri zoyamba zazifupi, chachitatu chachitali. Ndipo zikukwera: kusamuka pampando n'kosavuta, kufunsa pamaso pa anzako kumafuna kulimba mtima, koma kukhala ndi pepala usiku uliwonse ndiye ntchito yeniyeni. Tayesani kuzitembenuza.

WOWULUTSA: "Ndinalumbira kuti sindigona ndisanamalize pepala limodzi la mayeso akale a masamu. Ndinayamba kufunsa. Ndinasamukira kutsogolo." Zikumveka ngati pakubwera china.

MPHUNZITSI: Eya, zathera m'malere. Mukafuna kudziwa ngati mwasanja bwino, tembenuzani choncho. Ngati sizikusintha kanthu, ndiye kuti zitatu zanuzo n'zolemera mofanana, ndipo mufune chachitatu champhamvu. Kenako pali liwu. Pa choyamba liwu likwere pang'ono, mupume. Pa chachiwiri likwerenso, mupume. Pa chachitatu litsike, ndipo mukhale chete kanthawi, muwerenge mumtima kuti modzi, wiri. Ambiri amalemba zitatu zabwino koma amazithamangitsa ndi mpweya umodzi, n'kulumphira pa chiganizo china ana asanameze.

WOWULUTSA: Nanga zolakwika zimene mumakumana nazo kwambiri ndi ziti?

MPHUNZITSI: Chimene chimandipweteka mutu ndi zitatu zabodza. Munthu akuti "pamafunika khama, kulimbikira ndi kudzipereka". Chimenecho n'chinthu chimodzi chotchulidwa katatu. Mwana akatuluka muholo sadziwa choti akachite madzulo ano. China ndi munthu amene ali ndi mfundo ziwiri zokha, ndiye chachitatu amangoikapo "ndi zina zambiri". Ngati muli ndi ziwiri, musakakamize, zisiyanitseni, tifikako posachedwa. Ndipo musanene kuti "ndili ndi zinthu zitatu" kenako n'kuwonjezera chachinayi. Ana a sukulu amawerenga ndi zala pansi pa desiki, mukangopitirira mumva kung'ung'udza. Pa mphindi zisanu ine ndimalola mndandanda wotere kawiri, osaposa. Chiganizo chilichonse chikakhala cha zitatu, ana amayamba kumvera kayimbidwe kake n'kumakutsanzirani panja.

(KANYIMBO KAFUPI)

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukonza mawu a mnyamata wowotcherera zitsulo amene akukayankhula kwa a Fomu 4. Mayi, munati tifika pa kusiyanitsa.

MPHUNZITSI: Uku ndiye Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa kwambiri, miyambi yathu yadzaza nako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnzako ndi iwe, chapita ndi mawa. Mbali ziwiri zayang'anana, ndipo mukangomva yoyamba mukudziwa kuti yachiwiri ikubwera. Akatswiri ena awiri, John Heritage ndi David Greatbatch, anasanthula zoyankhula 476 za pa misonkhano ya zipani za ku Britain ya mu 1981, ndipo anapeza kuti njira imeneyi inkadzetsa kuomba m'manja kuposa njira ina iliyonse, kuposanso kutchula zitatu. Mnyamata wathu akufuna kunena kuti kawerengedwe kake kanasintha. Akhoza kunena kuti "ndinayamba kuwerenga mozindikira", koma palibe angagwirepo kanthu. Tamverani izi: "Chaka choyamba ndinkawerenga kuti aphunzitsi andione. Chaka chachiwiri ndinkawerenga kuti ndimve."

WOWULUTSA: Mawu ambiri ndi omwewo mbali zonse.

MPHUNZITSI: Ndiye chinsinsi chake. Musinthe mawu ochepa, ena onse akhale momwemo, kuti kusiyanako kuonekere pamalo amodzi. Ndipo chimene mukuchikana chiyambe, chimene mukufuna ana atenge chikhale kumapeto. Pakati pa ziwirizo mupume, mpatseni mwana mpata woti aganize yekha kuti mbali inayo ikhala yotani. Koma njira imeneyi ili ndi mano. Ndamvapo alendo olemekezeka akuuza ana kuti "wophunzira amalamula, wosaphunzira amapempha". Zimamveka zakuthwa, ena amaombadi m'manja. Koma muholomo muli mwana amene mayi ake sanapite kusukulu, ndipo fizi yake ikuchokera m'dengu la tomato la mayi omwewo. Mwamunyozera kholo lake pamaso pa anzake, ndipo zimene mwanenazo si zoona. Kusiyanitsa kumapangitsa bodza kumveka ngati nzeru, ndiye musanakondwere ndi kukoma kwa chiganizo, dzifunseni ngati mbali zonse ziwiri zili zoona. Kwa achinyamata, njira yabwino ndi kusiyanitsa inu wakale ndi inu watsopano, kapena khalidwe ili ndi khalidwe ilo. Musasiyanitse ana okhaokha, anzeru uku, ofooka uku. Iwo amadziwa kale amene amakhala nambala wani ndi amene amatsekera.

WOWULUTSA: Tsopano kubwerera ku mawu akale. Ambiri amaganiza kuti ndi kungobwereza zimene unanena poyamba.

MPHUNZITSI: Apa ndiye tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Kumbukirani nthano za agogo zija zokhala ndi kanyimbo. Kanyimbo kakamveka koyamba mumangomvera. Kachiwiri mumayamba kuvomera. Pomaliza mawu ake ndi omwewo, koma zinthu zasintha m'nthanomo, ndiye kanyimbo komweko kamakugwirani mwina. Kubwerera kwabwino kumatero: mawu omwewo, tanthauzo lasuntha. Ndiye choyamba, mnyamata wathu apeze chinthu chimodzi chooneka choti ayambe nacho. Ndingamufunse kuti, tsiku limene unadziwa kuti walephera, unali pati, unkachita chiyani? Tinene kuti wayankha kuti zotsatira zinamatidwa pakhoma la ofesi ya ahedi, ndipo iye ankatsitsa chala pa mndandanda wa okhoza. Atsegule ndi zimenezo, atangopereka ulemu kwa ahedi ndi aphunzitsi: "Pakhoma ilo, pafupi ndi chitseko cha ofesi, ndinaika chala ichi pamwamba pa pepala. Ndinachitsitsa mpaka pansi. Dzina langa panalibe. Ndinayambiranso pamwamba. Panalibe." Anene pang'onopang'ono, akweze chalacho ana achione, ndipo asafotokoze kuti chikutanthauza chiyani. Angochisiya.

WOWULUTSA: Bwanji osafotokoza? Si bwino kuti ana amve phunziro lake nthawi yomweyo?

MPHUNZITSI: Mukafotokoza pamenepo mwatseka nkhani, ndipo palibe chobwererako. Ana akhale nacho chalacho m'mutu osadziwa kuti chidzagwiranso ntchito. Kenako apite ku zina: manyazi obwereza kalasi limodzi ndi ang'ono ake, kusiyanitsa kuja kwa chaka choyamba ndi chachiwiri, ndi zitatu zija. Chapakati achikhudze pang'ono kuti chisazilale. Pamene wanena kuti "ndinayamba kufunsa", atamaliza mndandanda wonse, akhoza kuwonjezera kuti: "Chala chomwe chija, ndinayamba kuchikweza m'kalasi." Mwaona? Chala chofufuza dzina chasanduka chala chofunsa. Sananene kuti "monga ndinanenera poyamba paja". Mawu amenewo amapha kubwerera, chifukwa chimene chimakondweretsa womvera ndi kuzindikira yekha.

WOWULUTSA: Ndiye pomaliza?

MPHUNZITSI: Pomaliza achipereke kwa anawo. Apa ndi pamene pali msampha. Mtima umafuna kunena kuti "nonse mukadzaika chala pakhomapo mudzapeza mayina anu". Zimakoma, koma iye sangalonjeze zimenezo, ndipo ana akudziwa kuti chaka chilichonse ena amalephera. Iye mwini ndi umboni. Anene zimene angaziimire: "Zotsatira zikadzatuluka, mudzaika chala pamwamba pa pepala lija. Zimene mudzapeze sindikuzidziwa. Koma kuyambira lero mpaka tsiku la mayeso, chala chimenecho chili ndi ntchito: chikwezeni m'kalasi, chitembenuze masamba, chigwire cholembera mpaka pepala la usiku umenewo lithe." Akhale chete, anene zikomo, akhale pansi.

WOWULUTSA: Ndamva kuti njira zonse zakumana pamenepo.

MPHUNZITSI: Zakumana. Muli kusiyanitsa, zimene sadziwa ndi zimene zili m'manja mwa anawo. Muli zitatu, ndipo chomaliza n'chachitali. Muli kubwerera. Pa mapeto mpamene mungaziunjike chonchi, kwina konse muzizipatula. Ndipo taonani kuti chalacho chamveka katatu kokha. Akachitchula miniti iliyonse chisanduka nthabwala, anyamata a kumbuyo ayamba kukwezerana zala. Mawu akenso asasinthe. Akayamba ndi chala, asadzati dzanja pomaliza, asadzati khoma lasanduka bolodi. Khutu limazindikira mawu omwewo, osati ofanana nawo.

WOWULUTSA: Pali mtundu wina umene ndimauona pa zochitika, pamene woyankhula akutola mawu a munthu amene wayankhula iye asanaime.

MPHUNZITSI: Umenewo ndi wamphamvu chifukwa ana amaona kuti simunabwere ndi mawu oloweza, mumamvetsera. Ngati mtsogoleri wa ophunzira wadandaula kuti mabuku a sayansi ndi ochepa, mnyamata wathu akhoza kutolapo n'kunena momwe iye ndi anzake ankasinthanirana buku limodzi. Koma atole mawu amene holo yonse yamva, ndipo asatole kulakwitsa kwa mwana kuti aseketse anthu. Mwana amene wachita chibwibwi pa chimkuzamawu n'kusekedwa ndi mlendo sadzaimanso pagulu.

WOWULUTSA: Munthu angadziwe bwanji, asanapite, kuti zimene wakonzazo zigwira?

MPHUNZITSI: Ayankhule mokweza, ataimirira, wotchi ili patsogolo. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa simuwerengera nthawi yopuma, ndipo mawu athu a Chichewa ndi ataliatali. Zikapitirira mphindi zisanu, adule zofotokoza zapakati, asadule kupuma. Kenako apeze mng'ono wake kapena mwana wa mnansi wa msinkhu womwewo, amuyankhulire kamodzi kokha, asamufunse kuti zakoma kapena ayi, chifukwa mwana waulemu angoti zakoma. Mawa lake amufunse kuti, ukukumbukira chiyani? Akatchula chala ndi ziwiri mwa zitatu zija, zili bwino. Chimene waiwalacho ndicho chofooka, mwina n'chosaoneka ndi maso, achikonze. Akati "munati tizilimbikira", ndiye kuti palibe chimene chagwira, ayambirenso. Ndipo pa tsikulo pali ngozi imodzi yoti aidziwiretu. Mantha amachititsa munthu kulumpha chiyambi, kapena chimkuzamawu chimazima pamene akunena za khoma lija. Zikatero, ana sanamve za chala, ndiye akadzachitchula pomaliza angoyang'anana. Akaona kuti chiyambi sichinamveke, achibwereze chapakati mwachidule, kapena atsirize ndi zitatu zokhazo.

WOWULUTSA: Funso lomaliza mayi, nthawi yatithera. Wafika pa chachitatu, watsitsa liwu, wakhala chete, koma palibe woomba m'manja. Atani?

MPHUNZITSI: Ayang'ane nkhope. Ana asukulu nthawi zambiri saomba pakati pa mawu a mlendo, amadikira aphunzitsi ayambe, ndiye chete yekha sakutanthauza kuti zalephereka. Ngati maso ali pa iye ndipo mipando siikukwekwesa, amva. Awerenge modzi, wiri, apitirize. Asanene kuti "simuomba m'manja kodi?", ndipo asabwereze chiganizocho mokuwa. Koma ngati akunong'onezana kapena akuyang'ana pawindo, ndiye kuti watalikitsa. Alumphe zotsalazo apite ku mapeto ake.



WOWULUTSA: Omvera, sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kagwiridwe ka chimkuzamawu ndi kaimidwe pamaso pa gulu. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)